Wothyola tiyi wodwala shuga sakuyenera kudikira makina otsuka magazi

M'zipatala zambiri za boma, wodwala shuga amatuluka ndi metifomini ndi gilibenkilamayidi, zikavuta insulini. Mankhwalawa amatsitsa shuga, palibe akukana. Koma impso ndi mtima zimapitirira kuonongeka mwakachetechete, ndipo impso zikaima, munthu wa ku Makwasa kapena ku Satemwa ayenera kukapeza malo pa makina otsuka magazi ku Kwinzi, ku Blantyre, kangapo pa sabata. Ndi wothyola tiyi uti angakwanitse ngakhale ndalama ya minibasi yokha?

Pali mbulu umene umachedwetsa tsiku limenelo, ndipo ndikuti ufike ku chipatala cha boma cha Thyolo ndi ku makiliniki a m'maesiteti. Ndi wa gulu la SGLT2, monga empagilifulozini ndi dapagilifulozini. Tsiku lililonse impso zimasefa shuga wokwana magalamu pafupifupi 180, kenako n'kumubwezera m'magazi. Mankhwalawa amatseka njira yobwezerayo, moti magalamu 60 mpaka 80 amatayika mu mkodzo. Mchere ndi madzi zimatsatira, ndipo zikatero tizisefa ta mu impso timapumula, mtima nawo katundu amaupepukira. Kafukufuku wa EMPA-REG wa mu 2015 anapeza kuti imfa za matenda a mtima zinatsika ndi 38 peresenti mwa odwala shuga amene anali kale ndi vuto la mtima. Wa DAPA-CKD wa mu 2020 anaonetsa kuti impso zimachedwa kuonongeka, ngakhale mwa anthu opanda shuga. Bungwe la WHO linaika gululi pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021. Nanga ife tikudikira chiyani?

Otsutsa amati mankhwalawa ndi oopsa kwa munthu wogwira ntchito padzuwa. Mfundo yawo ndi yomveka, koma yankho lake ndi kuphunzitsa, osati kumana.

Tiyerekeze mayi wa zaka 50, wothyola tiyi, wa shuga ndi BP, amene mkodzo wake uli ndi puloteni ndipo muyeso wa impso, eGFR, uli pa 50. Dokotala amupatsa mamiligalamu 10 kamodzi m'mawa, n'kuchepetsako gilibenkilamayidi, chifukwa ameneyu ndi amene angagwetse shuga mayi ali pakati pa munda asanadye. Pakatha masabata angapo muyeso uja ungatsike kufika 46. Kliniko asachite mantha n'kuimitsa mankhwala; kutsika pang'ono kumeneko kumayembekezereka, chodetsa nkhawa ndi kutsika kopitirira 30 peresenti. Mkodzo nawo uzionetsa shuga nthawi zonse, nyerere zizibwera, ndipo mayi auzidwiretu kuti matenda sanakule.

Vuto lenileni lili m'munda. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amachuluka, dengu lili kumsana, malipiro akutengera makilogalamu. Munthu amene chimbudzi chili patali amasiya kumwa madzi dala, ndipo pa mankhwalawa chimenecho chimabweretsa chizungulire ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Shuga wa mu mkodzo amayambitsanso mauka mwa amayi ndi kuyabwa mwa abambo, makamaka osadulidwa. Choncho madzi akumwa ndi zimbudzi pafupi ndi minda ndi gawo la chithandizo, ndipo eni maesiteti amve zimenezi.

Lamulo lina mayiyu aloweze pamtima: akadwala malungo, akamasanza, akatsegula m'mimba kapena akalephera kudya, asiye mbuluwo mpaka atayambanso kudya ndi kumwa bwinobwino. Akapanda kutero magazi angadzaze asidi, shuga pa kamakina akuoneka wabwinobwino. Mseru, kupweteka m'mimba ndi kupuma mwaphuma ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala. Kachasu wa pa tsiku la malipiro ndi kusala kudya zimakulitsa ngoziyi. Woyembekezera, woyamwitsa ndi wa shuga wa mtundu woyamba asamwe, ndipo wokachitidwa opaleshoni asiye masiku atatu zisanachitike.

Jakisoni wa GLP-1, monga semagulutayidi, amene watchuka m'matauni ngati wochepetsa thupi, amatsanzira homoni ya m'matumbo. Amauza kapamba kutulutsa insulini shuga akakwera, amachedwetsa chakudya m'mimba ndi kuchepetsa njala. Amateteza ku sitiroko ndi matenda a mtima, ndipo kafukufuku wa FLOW wa mu 2024 anaonetsa kuti amatetezanso impso. Koma ndi wodula, amafuna furiji asanayambe kugwiritsidwa ntchito, amachititsa mseru, ndipo nthawi zina amatupitsa kapamba. Komanso odwala shuga ambiri kwathu kuno si onenepa. Kuchotsa njala kwa munthu woonda kale, amene akukwera mapiri ndi dengu, si nzeru.

Ndalama zochepa zimene zilipo ziyambe ndi mbulu, pamodzi ndi zoyezera impso ndi puloteni wa mu mkodzo, chifukwa popanda kuyeza sitingadziwe woyenera kulandira. Mbulu wa makampani otsika mtengo a ku India ulipo kale pa msika wa dziko lonse. Unduna wa Zaumoyo utiuze kuti uyamba liti kugula.