Mlonda mmodzi pakhomo, osati atatu

Malaputopu ambiri amene tikugwiritsa ntchito kuno ku Petauke ndi ku Nyimba sanabwere ali atsopano. Ena anagulidwa ku Lusaka atagwira kale ntchito kwina, ena anachoka kwa achibale. Akafika, chimene timayamba kuchita ndi kubwereka fulashi yokhala ndi antivairasi kwa mnzathu n'kuika, osafunsa n'komwe kuti m'kompyutamo muli kale ndani. Ife tikuti chizolowezi chimenechi chikutisokonezera makompyuta ambiri, ndipo mlandu timaupereka kwa vairasi yemwe mwina kulibe.

Tiyambe ndi mmene antivairasi imagwirira ntchito. Pulogalamu imeneyi imadzilowetsa pakati pa mapulogalamu anu ndi disiki. Mukatsegula fayilo, iyo imayamba yaigwira, kuiona, kenako n'kuilola kupita. Tsopano alonda otere akakhala awiri, fayilo iliyonse imaimitsidwa kawiri, ndipo aliyense amathanso kumalondalonda zimene mnzake akuchita. Akapeza chinthu chokayikitsa amachilimbirana, aliyense akufuna kuchitsekera kwake. Pena wina amaona mafayilo a mnzake ngati vairasi, poti mmenemo ndi mmene muli zizindikiro zodziwira mavairasi.

Zotsatira zake timazidziwa tonse. Kompyuta imatenga nthawi yaitali kuti idzuke, fani imalira osaleka, kukopa nyimbo zochepa kupita pa fulashi kumakhala ngati ulendo wa basi yoima pa siteshoni iliyonse ya Great East Road. Kwa ife a pa wailesi, chizindikiro chimamveka ndi makutu: mawu amadukaduka pojambula pulogalamu. Mukatsegula Task Manager mupeza Disk ili pa 100% ndipo pamwamba pa mndandanda pali mayina a alonda aja.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Windows 10 ndi Windows 11 zimabwera ndi antivairasi yake, Microsoft Defender, ndipo iyi imadziwa ulemu. Mukaika antivairasi ina yodzilembetsa bwino mu Windows, Defender imapatuka yokha. Mukaichotsa ija bwinobwino, Defender imabwerera pa ntchito yokha. Choncho mkangano kawirikawiri sukhala wa Defender. Umakhala pakati pa ziwiri zoikidwa ndi anthu, kapena pakati pa yatsopano ndi zotsalira za yakale.

Titenge chitsanzo cha laputopu ya 4 GB ya RAM ndi disiki yakale yozungulira. Inachoka ku fakitale ili ndi McAfee yoyeserera, imene masiku ake anatha kalekale. Wogulitsa anaikapo Avast yaulere. Mwini watsopano wawonjezera Smadav, ndipo lero akufuna kuika ina yachinayi chifukwa "kompyuta yalemera, muli vairasi". Musaike kanthu. Yambani mwafunsa Windows kuti ikudziwa alonda angati. Tsegulani PowerShell ndi kulemba:

```
Get-CimInstance -Namespace root/SecurityCenter2 -ClassName AntivirusProduct
```

Pa mzere uliwonse wa displayName pali dzina la antivairasi imodzi. Windows Defender ipezeka nthawi zonse, musadabwe. Mayina enawo akaposa limodzi, ndiye kuti pali ntchito. Amene amaopa kulemba malamulo angapeze zomwezi mu Windows Security, pa Virus & threat protection, kenako Manage providers.

Sankhani mmodzi wotsala. Pa laputopu yathuyi tinganene mosabisa kuti tsalani ndi Defender, chifukwa simulipira, siikunyengererani kugula kanthu, ndipo pa 4 GB palibe malo osungira alendo. Koma ngakhale mutakonda ina, njira yake ndi imodzimodzi.

Choyamba, tengani zonse zofunika bando ikadalipo: antivairasi yatsopano ngati mukuifuna, ndi kapulogalamu kochotsera yakale, zonse kuchokera pa webusaiti ya eni ake. McAfee ili ndi MCPR, Avast ili ndi Avast Clear, Kaspersky ili ndi kavremover. Makampaniwa anapanga okha zida zimenezi podziwa kuti kuchotsa wamba kumatha kusiya mizu. Batire ikhale yodzaza musanayambe. Malaiti akapita ntchito ili pakati ndipo batire ndi yofooka, mungatsale ndi pulogalamu yosachoka komanso yosagwira ntchito.

Kenako zimitsani intaneti, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `appwiz.cpl`, ndi kuchotsa McAfee. Dinani Restart. Apa tikutanthauza Restart yeniyeni, osati Shut down, chifukwa Fast Startup ikakhala yoyatsa, Shut down imasunga mbali ya Windows imene munali madalaivala a antivairasi ija n'kuidzutsanso momwemo. Kompyuta ikadzuka, yendetsani MCPR, ndi kudinanso Restart. Mukatha apo ndi pamene mugwire Avast, mwanjira yomweyo. Imodzi ithe kaye, ina pambuyo. Tikudziwa, n'zotopetsa, ndipo pa disiki yakale zingakudyereni ola lathunthu.

Chimene tikupempha kuti chileke ndi kulowa mu Program Files n'kufufuta foda ya antivairasi. Foda imachoka koma dalaivala ndi dzina lake mu kaundula wa Windows zimatha kutsala. Zikatero Defender ingaganize kuti pakhomo pali mnzake, n'kupitiriza kugona. Apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni: mwini akuyenda ndi fulashi m'mabizinesi senta onse a pa boma, kukasindikiza asainimenti ndi makalata ofunsira ntchito, ali ndi mtima woti ndi wotetezedwa pamene palibe amene akulonda. Kuti mutsimikize, lembani mu PowerShell:

```
Get-MpComputerStatus | Select AMRunningMode, RealTimeProtectionEnabled
```

Ngati mwatsala ndi Defender, yankho labwino ndi Normal ndi True. Ngati mwaika ina, dzina lake lioneke pa Manage providers kuti ndi loyatsa. Pokhapo yatsani intaneti ndi kulola antivairasi itenge zizindikiro za mavairasi atsopano.

Tikudziwa kuti ena atitsutsa, makamaka okonda Smadav. Iwo amati mavairasi a pa fulashi, aja obisa mafoda n'kusiya mashotikati, Smadav ndiye katswiri wake. Sitikukana zonse. Smadav, imene imapangidwa ku Indonesia, eni ake amanena okha kuti ndi chitetezo chowonjezera, chopangidwa kuti chikhale limodzi ndi antivairasi yaikulu. Ingatsale, ngati kompyuta ikupumabe bwino. Chimene tikukana ndi kuiyesa mlonda wamkulu n'kuzimitsa Defender chifukwa cha iyo. Ndipo mafoda obisika mungawabweze opanda iyo: fulashi ikasesedwa kaye ndi antivairasi, lembani `attrib -h -r -s /s /d E:\*.*` mu Command Prompt, kusintha E kukhala chilembo cha fulashi yanu.

Ofuna kumva maganizo a dokotala wachiwiri ali ndi njira yosabweretsa mkangano. Microsoft Safety Scanner imasesa mukaiuza basi, siikhala pakhomo, ndipo imatha mphamvu pakapita masiku 10 chiitengereni. Malwarebytes yaulere nayonso ndi yosesa mukaiuza, koma chenjerani: poiika imatha kuyamba ndi masiku oyeserera mtundu wolipira, ndipo m'masiku amenewo imalonda nthawi zonse n'kupatutsa Defender.

Amene adakali pa Windows 7, nkhani yanu ndi ina. Windows Defender ya mmenemo si antivairasi yathunthu, ndipo Microsoft inaleka kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Mukachotsa yakale palibe wobwerera yekha pakhomo, choncho yatsopano ikhale ili kale m'manja musanadine Uninstall, ndipo fulashi ya munthu isalowe mpaka mutamaliza kuiika.