Kupempha Tsiku Lina Si Kukana Nchito

Mnyamata wa ku Lundazi akaitanidwa ku Chipata kukafunsidwa mafunso a nchito Laciwiri, pamene tsiku lomwelo khoti likumfuna kukapereka umboni, sangathe kudzigawa pakati. Kukhoti sakana. Koma ambiri zikatere amangokhala cete, nadzaonekera pa ofesi patapita masiku ali ndi nkhani yaitali. Apo mwai wapita kale, ndipo colakwa ndi cao.

Munthu wodalirika amadziwitsa abwana tsiku lomwe waona kuti masiku awombana, poyamba pa lamya, pambuyo pake ndi kalata. Mau ake akhale ocepa: "Bwana, ndathokoza pondiitana Laciwiri pa 9 koloko m'mawa. Tsiku lomwelo ndaitanidwa kukhoti monga mboni, ndipo pepala la khoti ndaphatikiza pano. Ndingathe kufika Lacitatu masana kapena Lacinai m'mawa, ngakhale tsiku lina limene inu mungasankhe. Nchitoyi ndikuifunabe ndi mtima wonse."

Mphamvu ya kalatayi ili pa masiku awiriwo. Wolemba kuti adzabwera akapeza mpata amaonetsa ngati abwana ndiwo ayenera kudikira iye. Komabe asachule tsiku asanalingalire za ulendo. Mlandu ungathe madzulo basi itapita kale, ndiye cifukwa cake mnyamatayu sanalonjeze Lacitatu m'mawa.

Abwana angakane, pakuti nthawi zina ofunsa mafunso amakhala pansi tsiku limodzi lokha. Akavomera, mnyamatayo abwereze tsiku ndi ola latsopanolo pa lamya pomwepo, ndipo akagone ku Chipata usiku wa dzulo lake.