Yambani mwayeza mwana musanakonze powerengera

M'nyumba zambiri kuno kwathu, mwana amalembera ntchito ya kusukulu pa tebulo lodyera, nsima ikangochotsedwa. Si chinthu choipa, ndipo pa nyumba ya zipinda ziwiri palibenso malo ena. Koma tebulo limenelo kalipentala anakhomera akuluakulu. Matebulo odyera ambiri amatalika pafupifupi masentimita 75 kuchokera pansi, mipando yake masentimita 45. Mwana wa Sitandade 4 kapena 5 akakhalapo, miyendo imalendewera, m'mphepete mwa tebulo mumamufika pachifuwa, mapewa amakwera m'mwamba. Pakapita kanthawi amayamba kutakataka, kugwada pampando, kugoneka mutu pamkono, ndipo ife timamukalipira kuti ndi waulesi. Ine ndimaona kuti nthawi zambiri tikumunamizira. Mwanayo watopa ndi mipando.

Choncho musanagule kalikonse, bwerekani tepi ya telala muyeze mwanayo. Akhale pa chinthu cholimba, mapazi ali phwatalala pansi, mawondo atapindika ngati ngodya ya buku. Yezani kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo. Umenewo ndiwo msinkhu wa mpando wake. Kenako atsitse mapewa, apinde mkono, muyeze kuchokera pa chokhaliracho kufika pa chigongono. Pamwamba pa tebulo payenera kukhala pomwepo, kapena kupitirirapo pang'ono chabe, masentimita atatu mpaka asanu.

Titenge mtsikana wa zaka khumi, wotalika masentimita 135. Kuseri kwa bondo lake kudzakhala pafupifupi masentimita 35 kuchokera pansi. Muyezo umene opanga madesiki a sukulu ku Ulaya amatsata umapatsa mwana wa msinkhu wotere mpando wa masentimita 35 ndi tebulo la masentimita 59. Onani kusiyana kwake: pakati pa chokhalira ndi pamwamba pa tebulo pali masentimita 24, pomwe pa tebulo lodyera lija pali 30. Ngati thumba likulola, pitani kwa kalipentala ndi manambala awiriwa pakapepala. Musangomuuza kuti mukufuna "katebulo ka mwana", chifukwa adzakhoma zoyerekeza ndi maso. Mumuuzenso kuti chokhaliracho chisakhale chachitali kulowera kumbuyo. Mwana akatsamira, pakati pa m'mphepete mwa mpando ndi kuseri kwa bondo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu. Pakapanda mpata umenewu thabwa limamudinda, ndiye amasendera kutsogolo, msana n'kutsala wopanda chotsamira.

Ngati ndalama ya kalipentala palibe, tebulo lodyera lomwelo likonzeka. Pindani bulangete lolimba mpaka likhuthale masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi, muike pampando. Pilo wofewa ayi, chifukwa amaphwa mwana akangokhalira. Tsopano zigongono zafika poyenera, koma mapazi atalikirana ndi pansi ndi masentimita 15 kapena 16. Apa ndi pomwe makolo ambiri amalekera, chonsecho chopondera ndicho chimakhazikitsa mwana. Sanjikizani njerwa ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali iyo, mugonekepo thabwa. Mapazi akapeza popondera, ntchafu sizidindidwanso ndipo thupi limaleka kusakasaka pokhazikika. Muyezenso chaka chilichonse sukulu ikamatsegulira, popeza mwana wa msinkhu umenewu amakula masentimita asanu kapena kuposerapo pa chaka. Njerwa imodzi idzachoka, kenako bulangete.

Nkhani ya kuwala ndi yovutirapo, chifukwa kuno dzuwa sililowa mochedwa. Ngakhale m'miyezi ya dzinja, ikamakwana hafu sikisi kunja kwada, ndipo mu Juni mdima umayamba cha m'ma hafu faifi. Ntchito yambiri ya kusukulu imalembedwa ndi nyale. Babu la m'chipinda limakhala kudenga, pakati, pomwe tebulo lili kukhoma. Ndiye kuti kuwala kukuchokera kumsana kwa mwana, ndipo mutu wake womwe ndiwo ukutchinga kope. Mwana akamawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda pepala, yambani mwaona kumene mthunzi wagwera.

Kuwala kumachepa msanga kwambiri nyale ikamatalikira. Nyale imene ili masentimita 80 kuchokera pa buku imafikitsa gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a kuwala kumene ikanafikitsa ili pa masentimita 40. N'chifukwa chake kanyale ka sola koikidwa pafupi kangathe kuposa babu lalikulu la kudenga, ndipo magetsi akathima sikadziwa n'komwe. Kaikeni chakumanzere ndi chakutsogolo pang'ono ngati mwana amalemba ndi dzanja lamanja, kuti mthunzi wa dzanja usagwere pa zimene akulemba. Wamanzere musinthe mbali. Nyaleyo iloze pa pepala, mwana asamaone babu lenilenilo, chifukwa mababu a masiku ano amathobwa m'maso. Ngati ilibe chotchinga, itembenuzeni kapena ikwezeni pa mabuku kufikira kuwala kukutsikira pa kope. Ndipo ngati magetsi alipo, musathimitse babu la kudenga poti nyale yayaka. Maso amatopa msanga akamachoka pa pepala lowala kupita mu mdima wa ndiweyani n'kubwereranso.

Koloboyi ndi kandulo ndimazikana. Kuwala kwake n'kochepa ndipo kumaphethiraphethira, choncho mwana amasendeza nkhope pafupi, n'kumapuma utsi wa palafini madzulo onse. Mwaye wa m'mphuno m'mawa ndiwo umboni. Kandulo pafupi ndi makope, mwana ali ndi tulo, ndi moto umene ukudikira.

Masana, tebulo liime cham'mbali mwa zenera. Mwana akayang'anizana ndi zeneralo amathobwa komanso amaonerera anzake akusewera mpira panja, akalifulatira amadzitchinga yekha. Zenera lakumadzulo limafuna katani wopyapyala, makamaka mu Okutobala. Buku litalikirane ndi maso ngati kutalika kwa mkono wa mwanayo kuchokera pa chigongono kufika pa nkhonya, pafupifupi masentimita 30. Ngati mpando mwakonza, nyale mwakonza, koma iye akuyandikitsabe buku, kutsinzinira, kapena kudandaula mutu, mupite naye kuchipatala akamuyeze maso. Mumufunsenso ngati amaona bwino pa bolodi.

Za zosokoneza sindichulukitsa, chifukwa wailesi ndi kanema aliyense amadziwa. Mwana ayang'ane kukhoma lopanda zithunzi, kanema akhale kumsana kwake ndipo athimitsidwe, pakuti khutu silifulatira. Pa tebulo pakhale buku la phunziro limodzi, kope, pensulo ndi lula. Chikwama chipachikidwe pa msomali pomwepo kuti asadzuke kukafuna chofufutira n'kukakodwa ndi nkhani kukhitchini. Foni, ngakhale ya amayi, isagone pa tebulo limenelo.

Koma chosokoneza chachikulu m'nyumba zathu ndi ife akuluakulu. "Chisomo, tabweretsa madzi." "Tathamanga kuokala ukagule mchere." "Tamunyamula mng'ono wakoyo." Wotumidwa kawirikawiri ndi mtsikana, mchimwene wake ali phee ndi buku. Mwana amene anali pakati pa samu yogawa yaitali akabwerako kuokala sadziwanso pomwe analekera, amayambiranso pamwamba. Gwirizanani pabanja nthawi yake, kwa wa Sitandade 5 mphindi 40 zokwana, zogawa pawiri ndi kupuma pang'ono pakati, adzuke ayang'ane kutali. Madzi atungidwe ndi mchere ugulidwe nthawiyo isanakwane. Mlendo akagogoda mkati mwa mphindi zimenezo, akatsegule chitseko ndi wina.