KHASU NDILO NG'OMA YA M'MUNDA

Mwezi uno tikambirane za nyimbo zoyimba pa dima, pamene anansi asonkhana kulima munda wa mnzao ndipo mwini munda waphika thobwa kapena mowa wowathokozera. Ambiri a ife timayesa kuti nyimbo zimenezi ndi zongotayitsa nthawi kuti dzuwa lipendeke msanga. Koma amene analimapo pa dima adziwa kuti nyimbo ndiyo imalamula makasu, ndipo ikalakwika munda nawonso umalakwika.

M'munda mulibe ng'oma. Cimene cimasunga kayendedwe ka nyimbo ndi kugwa kwa khasu. Wolima amatukula khasu, nalitema pansi, nakoka dothi, ndipo nyimbo iyenera kukwanira m'zinthu zitatu zimenezi. Ndico cifukwa cake nyimbo za pa dima zimakhala ndi wotsogolera mmodzi ndi gulu lovomereza. Wotsogolera amanyamula mau ambiri: amachula mwini munda, amaseka waulesi amene watsalira, mwina amafunsa ngati thobwa lili m'njira. Gulu limangoyankha mau awiri kapena atatu, omwewo nthawi zonse. Kufupika kwa yankholi kuli ndi cifukwa cake. Munthu amene wawerama ndi khasu alibe mpweya woyimbira mau ambiri. Amapuma pamene wotsogolera ayimba, natulutsa mpweyawo ndi yankho pamene khasu likugwa. Nyimbo ya ndime zazitali, ngakhale ikome cotani ku kwaya, m'munda imatha anthu mpweya mzere woyamba usanathe.

Titenge citsanzo ca munda wa lima imodzi, ndiye kuti mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi. Mizere ya cimanga ikatalikirana masentimita 90, m'mundamo mutuluka mizere 55. Pakabwera anthu 11, aliyense atenga mizere 5, ndiwo mamita 250 a dothi loti aunge. Mzere woyamba ndi waciwiri sivuta, pakuti kukali kozizira ndipo msana sunayambe kudandaula. Pamenepa mpamene wotsogolera wosadziwa amalakwa. Amaona anyamata ali ndi mphamvu, nayamba nyimbo yothamanga ngati ya pa bwalo la gule. Anyamatawo amakondwa, koma amai acikulire ndi madoda amayamba kutsalira, ndipo pofuna kupewa manyazi amangopalapasa pamwamba. Pofika mzere wacinai ngakhale anyamata aja atopa, ndipo mizere yotsiriza imakhala yaifupi, udzu uli poyera wosakwiririka, yoti mvula yamphamvu ikagwa ingakokolole.

Wotsogolera wanzeru amayesa nyimbo yake ndi khasu la munthu wapakati, amene sali wamphamvu koposa ndipo sali wofooka koposa. Amasunga liwiro lomwelo kuyambira mzere woyamba, ngakhale ena aone ngati likucedwa. Nyimbo yofulumirako amaisungira mzere wacisanu, pamene mapeto aoneka ndipo anthu angathe kutaya mphamvu zao zotsala osaopa kanthu.

Tingadziwe bwanji kuti nyimbo yathamanga? Khutu limayamba kudziwa maso asanaone. Nchito ikamayenda bwino, makasu onse amamveka ngati khasu limodzi lalikulu. Ikayamba kuonongeka, amamveka ngati matalala pa malata, lina apa lina apo. Kenaka yankho limacepa, natsala atatu kapena anai amene ayimba, enawo akungopuma wefuwefu. Pambuyo pake mpamene maso aona kuti mzere wa anthu wakhota, ena ali kutsogolo ena kumbuyo. Kukhotaku n'koopsa, cifukwa wotsalira amakhala akutema pafupi ndi zidendene za mnzake. Mankhwala ake si kukalipira anthu ai. Wotsogolera atalikitse mau ake pang'ono, kapena apatse mnzake kuti atsogolere, pakuti nayenso ali ndi khasu m'manja ndipo mmero umauma.

Nthaka nayo ili ndi mau ake pa nkhaniyi. Dothi louma la mwezi wa Okutobala lifuna nyimbo yolemera ndi yocedwa, cifukwa khasu liyenera kukwera pamwamba kuti lilowe. Mvula ikagwa dothi likafewa, khasu silikwera kwambiri ndipo nyimbo ingapepuke. Koma pa kupalira tiyenera kusamala koposa. Apa khasu silingagwe paliponse pamene nyimbo yafuna, cifukwa pali mbeu. Munthu amene atsata nyimbo yothamanga pakati pa cimanga cofika m'maondo amadula mapesi ndi mizu, ndipo mwini munda amazindikira mawa lake poona mbeu zafota. Ndico cifukwa cake pa kupalira nyimbo iyenera kukhala yomasuka, yoti munthu angaime kuti azule udzu wa pa phata ndi dzanja, nabwereranso m'nyimbo osasokoneza anzake.