Dzenje la Chimbudzi Liyambe, Lamulo Litsatire

Kuyambira 1993 mpaka 1997, pulojekiti ya PEBIMO inayesa kuphunzitsa ana a ku Tete m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi. Komabe pa masamu ambiri a ife timathamangirabe kulemba lamulo pa bolodi: mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi, kuchulukitsanso ndi kuya. Ana amaloweza, koma tikawafunsa kuti kiyubiki mita imodzi ndi dothi lochuluka bwanji, amangoyang'ana pansi. Ife tikuti lamuloli lizibwera pomalizira, ana ataona kale chimene likuwerenga, ndipo malo abwino ochionera ndi dzenje la chimbudzi.

Tiyerekeze kuti banja lina ku Bagamoyo, m'tauni ya Moatize, lalemba waganyu kuti akumbe dzenje. Mulitali ndi mamita 1,5, mulifupi ndi masentimita 80, kuya kwake ndi mamita 3. Kodi dothi lotuluka m'menemo ndi lochuluka motani? Yankho lake likukhudza malipiro a wokumba ndiponso malo ounjikapo dothilo pabwalo lopanikizika.

Tiyambe ndi muyeso weniweniwo. Ana amange bokosi la timitengo khumi ndi tiwiri, kalikonse kotalika mita imodzi. Malo a m'kati mwake ndiwo kiyubiki mita imodzi, imene timalemba 1 m³. Mumalowa malita 1000, ndiko kuti zidebe 50 za malita 20. Mwana amene amatunga madzi tsiku ndi tsiku amadziwa kulemera kwa chidebe chimodzi, choncho zidebe 50 si nambala yachilendo kwa iye.

Kenako tiwerenge dzenje lija mita ndi mita kupita pansi. Masentimita 80 ndi mamita 0,8. Wokumba akatsika mita yoyamba, wachotsa 1,5 × 0,8 × 1 = 1,2 m³. Mita yachiwiri ndi yachitatu zimatulutsa chimodzimodzi, ndiye dzenje lonse ndi 1,2 × 3 = 3,6 m³, kapena zidebe 180. Apa mwana amaona yekha chifukwa chake timachulukitsa m'malo mophatikiza miyeso itatuyo.

Chidebe chimagwiranso zolakwika. Mwana woiwala kusintha masentimita amalemba 1,5 × 80 × 3 ndi kupeza 360. Tisafulumire kumuchonga ndi cholembera chofiira. Timufunse m'chinenero chake kuti makiyubiki mita 360 ndi zidebe zingati. Akapeza 18 000, adzaseka yekha, pakuti palibe chimbudzi cha banja chotulutsa phiri lotero. Kukaikira yankho kotereku kumafuna kukambirana, ndipo mwana amakambirana momasuka m'chinenero chimene amaganizira.

Pali chinanso chimene lamulo silinena, koma wokumba aliyense amachidziwa: mulu wa dothi umaposa dzenje limene watulukamo. Dothi la pansi ndi lotsendereka, koma likagumulidwa ndi piki limatakasuka, mpweya n'kulowa pakati pa zibuma. Dothi wamba limafufuma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo lamiyala limaposa pamenepo. Choncho 3,6 m³ ya m'dzenje ikhoza kukhala 4,5 m³ pamulu, zidebe pafupifupi 225. Tiphunzitse ana kunena momveka kuti 3,6 ndi malo a m'dzenje, pamene 4,5 ndi dothi loti linyamulidwe. Wokumba ndi mwini nyumba akapanda kugwirizana kuti akuwerenga iti, mkangano wa malipiro umayambira pomwepo.

Ena adzati nkhani ya chimbudzi ndi yochititsa manyazi m'kalasi. Koma dzenje latsopano ndi dothi chabe, ndipo ana a ku Zóbuè ndi a ku Moatize amaliona likukumbidwa kawirikawiri kuposa thanki yojambulidwa m'buku. Chofunika kusamala ndi ngozi: mwana asalowe m'dzenje kapena kuima m'mphepete mwenimweni, chifukwa khoma limagumuka, makamaka nthawi ya mvula. Kuya kwake ayese mphunzitsi ndi nsungwi yaitali, ndipo ana aiyese nsungwiyo itagonekedwa pabwalo.

Enanso adzati m'makalasi apamwamba masamu amaphunzitsidwa m'Chipwitikizi, ndiye bwanji kutaya nthawi? Sitikukana mawu a Chipwitikizi. Tikuti abwere mwana atagwira kale nsungwi, atawerenga zidebe, atasiyanitsa dzenje ndi mulu. Pamenepo mawu atsopanowo amangotchula chinthu chimene mwanayo akuchidziwa. Pokonzekera phunziroli, tiyambe tafufuza dzenje limene likukumbidwa pafupi ndi sukulu, tipemphe chilolezo kwa eni ake, ndipo miyeso yake ndiyo ikhale chitsanzo choyamba pa bolodi.