Uthenga wa mphunzitsi wamkulu potsekera chaka: zimene kaundula wa m'kalasi watiuza

Julaye wafika, chaka chamaphunziro chimene tidayamba mu Sepitembala chatha, ndipo lero ana akubwerera kunyumba ndi malipoti m'manja. Ino ndi nyengo yokoma kuno ku Rivirivi. Chimanga chili m'nyumba, nandolo akukhwima m'minda, amene adalima thonje agulitsa, ndipo ng'oma za maukwati ndi zinamwali zayamba kumveka madzulo. Tasangalala ndi ufulu wa dziko lathu pa 6 Julaye, tsopano tisangalale ndi ana athu amene akwera kalasi. Mwana aliyense amene wapambana, kaya ndi woyamba kaya ndi wa m'mapeto, mumuyamikire pamaso pa abale ake. Ngati pali nkhuku, iphedwe.

Ndithokoze amayi amene amadzuka kukadali mdima kudzakoleza moto wa phala, nkhuni atasenza okha kuchokera kwawo. Ndithokoze abambo amene adaumba njerwa ndi kututa mchenga, komanso aphunzitsi anzanga amene ena a iwo amapalasa njinga mtunda wautali tsiku ndi tsiku, fumbi kapena matope. A Sitandade 8 adalemba mayeso a PSLCE a bungwe la MANEB mwabata. Zotsatira zikatuluka tidzazimata pa ofesi. Makolo awo muyambiretu kusunga kangachepe ka yunifolomu ndi makope, ndalama ya thonje isanathere m'zikondwerero.

Koma nkhani imene ndikufuna tikhalirepo pansi ndi ya buku limene makolo ambiri simuliona, kaundula amene mphunzitsi amaitanira mayina m'mawa uliwonse. Sabata yathayi ndidaika makaundula onse pa tebulo pambali pa zotsatira za mayeso. Chimene ndidaona n'chakuti ana ambiri amene akubwereza kalasi si ofooka mutu. Ndi ana amene mzere wa dzina lawo uli ndi mipata yambiri. Ndipo mipatayo siigwa chisawawa. Imatsata nyengo za kwathu kuno, moti munthu angathe kudziwa mwezi pongoyang'ana tsamba.

Mpata woyamba umaoneka mu Sepitembala, sukulu itangotsegulidwa. Anyamata ena amakhala akadali ku ndagala, atsikana ena ku nsondo kapena ku chinamwali, ndipo amene atuluka amadikira kaye zovala zatsopano ndi phwando. Mpata wachiwiri, waukulu kuposa yonse, umabwera mu Januwale ndi Febuluwale, ufa ukatha m'nyumba, ana akuluakulu n'kumatsagana ndi makolo kukagwira ganyu wopalira ndi kubandira. Nthawi yomweyo mtsinje umadzaza. Tonse tikuudziwa khalidwe lake Rivirivi: madzi ake amachokera ku mapiri a ku Ntcheu, choncho kuno kukhoza kukhala dzuwa lili phwee, mtsinje n'kusefukira ndi mvula imene yagwa kumtunda usiku. Pamenepo sindidzudzula kholo loletsa mwana kuoloka, ndipo ndikupempha kuti muzimuletsa ndithu. Mpata wachitatu ndi wa nthawi yokolola ndi yotola thonje. Wachinayi ndi uja waung'ono koma wosatha, wa tsiku la msika, pamene mwana amatumidwa kukagulitsa zitumbuwa kapena kutsala ndi khanda mayi akapita.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa kholo lililonse limati, "Mwana wangatu amangojomba mwa apo ndi apo." Titenge mtsikana wa Sitandade 5 amene amajomba tsiku limodzi lokha pa sabata, la msika. Teremu imakhala ndi masabata pafupifupi 13, ndiye kuti pa teremu wataya masiku 13, ndipo pa materemu atatu wataya masiku 39. Sabata ya sukulu ili ndi masiku asanu, choncho masiku 39 ndi pafupifupi masabata 8. Tionjezerepo masabata awiri amene adachedwa kuyamba mu Sepitembala chifukwa cha chinamwali, ndi sabata imodzi ya mtsinje ndi malungo. Afika masabata 11. Mwana ameneyu, amene kwawo amamuona akunyamula makope pafupifupi m'mawa uliwonse, waphonya pafupifupi teremu yathunthu. Ndipo Sitandade 5 ndi kalasi imene maphunziro amalimba, mabuku ambiri ndi mayeso n'kukhala m'Chingelezi. Akalephera, kunyumba amati sukulu siikumuyanja. Akabwereza kawiri amakhala wamkulu pakati pa tiana, manyazi amamugwira, ndipo wina akabwera ndi mawu a banja amavomera. Ukwati wa mwana umene timadzaulira pambuyo pake udayambira pa tsiku la msika lija.

Kwa ang'onoang'ono vuto limakula msanga koposa. Kuyambira 2016, pamene boma lidakhazikitsa ndondomeko yatsopano yophunzitsira kuwerenga m'makalasi oyambirira, mwana wa Sitandade 1 amaphunzira malembo motsatana: liwu la lembo, kenako kuphatikiza malembo kukhala maphatikizo, kenako mawu. Phunziro la lero limakhala pamwamba pa la dzulo ngati mzere wa njerwa, ndipo mzere umodzi ukasowa khoma silikwera. Mwana amene adajomba sabata imene anzake amaphunzira lembo lina amasokonezeka pa mawu aliwonse okhala ndi lembolo, ndipo m'kalasi yodzaza mphunzitsi sangabwerere m'mbuyo chifukwa cha iye yekha. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Ana otere amaphunzira kubisa: amaloweza tsamba lonse pomvera anzawo, n'kumayimba mokweza pamodzi ndi gulu, chala chili pamzere wina.

Mungathe kumuyesa nokha pa tchuthi chino, ngakhale inuyo sukulu simudapite nayo patali. Tengani buku lake kapena kope, phimbani chithunzi ndi dzanja, lozani mawu amodzi a pakati pa tsamba, osati oyambirira. Akawerenga, lozani ena kumunsi, kenako bwererani kumtunda. Mwana wodziwa kuwerenga amayang'ana pamene pali chala chanu, milomo n'kumagwedera akuphatikiza. Woloweza amayang'ana kumwamba kapena nkhope yanu, n'kuyambira pa chiyambi cha nkhani. Wa Sitandade 2 ndi 3 mumuyese ndi mawu ngati nkhuku, mphasa, ng'ombe ndi ntchito, chifukwa ambiri amakakamira pamene malembo angapo akumana. Akalephera musamukalipire. Mupezereni mkulu wake kapena mwana wa a neba wa Sitandade 6 kapena 7, azikhala naye pa khonde kamphindi madzulo aliwonse, akulemba maphatikizo pansi ndi kamtengo. Zimenezi sizifuna ndalama, ndipo mu Sepitembala mudzandiuze dzina lake kuti mphunzitsi amuike kutsogolo.

Pa lipoti, chonde musangoyang'ana nambala imene mwana wakhala. Kukhala wachisanu m'kalasi imene ambiri alephera si kukhoza. Onani malikisi a Chichewa, Chingelezi ndi Masamu payekhapayekha, muyerekeze ndi a teremu yoyamba ndi yachiwiri. Ngati adatsika mu teremu yachiwiri n'kukweranso mu yachitatu, kawirikawiri ndi njala ndi mvula zija. Ngati akungotsikirabe, bwerani tidzakambirane, chifukwa nthawi zina timapeza kuti mwana saona bwino pa bolodi, samva bwino, kapena pali munthu amene akumuvutitsa panjira.

Ndikudziwa kuti zina sizili m'manja mwathu. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adachititsa kuti sukulu zambiri za m'chigawo cha kummwera zitsekedwe kwa masabata angapo. Chaka chotsatira ng'amba idapsereza chimanga m'maboma ambiri, Balaka ndi Machinga ali momwemo. Ana amene adali m'makalasi oyambirira zaka zimenezo tikuwaonabe akutsimphina pa kuwerenga. Mvula sitingailamule. Koma tsiku lotulutsa anamwali timasankha tokha, ndipo wotuma mwana kumsika ndi ife tomwe.

Choncho pempho langa kwa mafumu, angaliba ndi anankungwi ndi ili. Mwambo ndi wathu, ndipo sukulu siikulimbana nawo. Tchuthi ichi n'chachitali, chikukwanira. Ana alowe msanga sukulu ikangotsekedwa, atuluke kukadali sabata yathunthu tisanatsegulire, kuti phwando lidyedwe, mabala apole, mwana apume. Ndipo malangizo amene akalandire kumeneko akhale oyenera msinkhu wake. Mtsikana wotuluka ku chinamwali ndi mwana wa sukulu ndithu. Lamulo la maukwati la 2015, limene Malamulo aakulu a dziko adalitsimikiza mu 2017, silimulola kukwatiwa asanakwanitse zaka 18. Amene adasiya chifukwa cha pakati, khomo ndi lotsegula: ndondomeko ya boma yolola mtsikana kubwerera ku sukulu atabereka ilipo kuyambira 1993. Amayi a mada gulupu adzayenda m'midzi mu Ogasiti, muwalandire bwino.

Ife kumbali yathu, chaka chikubwerachi tichita izi. Mwana akajomba masiku atatu otsatizana popanda uthenga, mphunzitsi wake adzandipatsa dzina, ndipo wa komiti wa m'mudzi mwake adzafika pakhomo sabata yomweyo, osati kudzazenga mlandu koma kudzamva chimene chavuta. Ana a kutsidya kwa mtsinje tidzawapatsiratu ntchito yolemba kunyumba mitambo ikayamba kuopsa, ndipo madzi akaphwera tidzakhala nawo pang'ono tikaweruka kuti apeze anzawo. Wobwera wopanda yunifolomu kapena nsapato sitidzamubweza. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, ndipo palibe mwana woyenera kukhala pakhomo chifukwa cha malaya.

Amene muli ndi ana okwanitsa zaka 6, mudzabwere nawo sabata yoyamba, mutatenga chiphaso chawo chobadwira kapena buku la kusikelo. Musadikire kuti akule kaye kuti azitha mtunda. Woyamba ndi zaka 9 amafika Sitandade 8 ali ndi zaka 16 ngati sadabwerezepo, ndipo ambiri otere satsiriza. Ayende ndi akulu ake, adzazolowera.

Inu ana anga, kapumeni, kathandizeni makolo kuthyola nandolo ndi kutunga madzi, kaoneni agogo. Musasewere pa njanji, sitima siima msanga. Mabuku amene mwabwereka muwasunge m'jumbo, kutali ndi chiswe ndi mbuzi, chifukwa ang'ono anu akuwadikira. Amene mukubwereza kalasi musachite manyazi, malo anu alipo ndipo ndikufuna kudzakuonani pa mzere tsiku loyamba.

Tsiku lotsegulira lalembedwa kumunsi kwa lipoti la mwana aliyense. Makolo, mupemphe wina akuwerengereni lero lomwe, ndipo mukauze a mfumu ndi anankungwi asanapangane masiku a zinamwali. Maphunziro adzayamba tsiku lomwelo, ndipo mayina adzaitanidwa.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wamkulu