Akanangotumiza uthenga umodzi

Lachisanu lina masana tinafika ku nyumba yathu ya lendi n'kupeza mpopi uli gwa! Tinkayesa madzi angosiya monga mwa masiku onse, koma kwa aneba ankatuluka. Anali atatidulira.

Ndinadabwa, poti ndinasayina fomu ku banki yoti pa 25 mwezi uliwonse azichotsa K15,000 mu akaunti yanga n'kulipira bilu ya madzi. Sitetimenti ndiyo inaulula zonse. Banki inayamba yadula ndalama zake zosungira akaunti, n'kutsala K14,600. Makina ataona kuti zaperewera sanatumize ngakhale tambala, ndipo sanayesenso pa 27 makolo atandiikira ndalama. Mwezi wotsatira zinachitikanso chimodzimodzi. Lolemba tinalipira ngongole ya miyezi iwiri, kuphatikizapo chindapusa cholumikizanso madzi.

Ndikuvomera, ndinalakwa posayang'ana sitetimenti. Chizindikiro chinalipo: mu akaunti munkatsala ndalama zochulukirapo, ine n'kumadziyamikira kuti ndaphunzira kusunga.

Komabe banki yomweyo imanditumizira uthenga pa foni ndikangotapa K2,000. Chikuvuta n'chiyani kundiuza kuti malipiro akanika? A zamadzi nawonso anali ndi nambala yanga. Ine ndikuti chindapusa cholumikizanso chizilipidwa ndi amene wachenjezedwa n'kunyozera, osati munthu amene K400 yamuperewera iye osadziwa.

Pakadali pano ndasuntha tsiku lolipira kukhala pa 28, ndipo mawa lake ndimayang'ana ngati ndalamazo zatulukadi.